Musanalembe kuti "ambiri agwirizana", werengani kaye anthu ake

"Abale ndithandizeni. Gulu lathu la amene tinaphunzira limodzi linayankha mafunso pa Google Forms, koma amene anakonza fomuyo wangonditumizira masikirinishoti a matchati ozungulira aja. Funso lalikulu ndi la malo okachitira msonkhano wa chaka chino: pamwamba palembedwa `47 responses`, Mangochi 44.7%, Mulanje 31.9%, Salima 17%, ndiye pali kachigawo kakang'ono kopanda nambala. Ndidziwa bwanji kuti aliyense ndi anthu angati, ndipo ndilembe kuti ambiri asankha kuti? Lipoti likufunika Lachisanu."

Achemwali, nambala yofunika kuposa zonse muli nayo kale, ndi 47 imeneyo. Tengani kakyuleta ya m'foni, muchulukitse 47 ndi peresenti ya chigawo chilichonse, kenako mugawe ndi 100. Mangochi akupatsani 21.009, kutanthauza anthu 21. Mulanje atuluka 14.993, amenewo ndi anthu 15. Salima atuluka 7.99, anthu 8. Mukaphatikiza akukwana 44, ndiye kachigawo kopanda nambalako ndi anthu 3 otsalawo. Google Forms salemba peresenti pa kachigawo kopyapyala chifukwa malo amachepa, koma anthu ake sasowa, mumawapeza pochotsera. Kungoti muyang'ane mndandanda wa mitundu umene uli kumanja kwa tchaticho. Ngati pali mitundu yoposa inayi, n'kutheka kuti anthu atatuwo sanapereke yankho lofanana, mwina aliyense analemba zakezake pa `Other`.

Taonaninso manambala aja: 21.009, 14.993, 7.99. Onse ali pafupi kwambiri ndi nambala yathunthu, ndipo chimenecho ndiye chizindikiro chakuti mwagwiritsa ntchito chiwerengero cholondola. Munthu sagawika pakati. Mukapeza yankho ngati 25.3 kapena 12.6, musalikankhire ku nambala yoyandikana nayo. Imani pomwepo, chifukwa penapake palakwika.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Ndinali mlembi wa komiti ina, ndipo ndinalandira masikirinishoti ngati anuwa, ena atadulidwa pamwamba. Funso loyamba linali ndi anthu 47 ngati lanuli, ndiye ndinagwiritsa ntchito 47 yemweyo pa mafunso onse. Pa funso lachisanu, lokweza ndalama zosonkha pamwezi, ovomera anali 53.8%. Kakyuleta inandipatsa 25.3, ine n'kulemba kuti anthu 25 mwa 47 avomera. Tsiku la msonkhano, bambo amene anakonza fomu anatsegula laputopu yawo, ndipo pamwamba pa funsolo panali `39 responses`. Funsolo silinali lokakamiza kuyankha, moti anthu 8 anangolidumpha. Ovomera anali 21 mwa 39, osati 25. Nkhani ya ndalama inathera pomwepo, anthu anayamba kukayikira lipoti lonse, ngakhale mbali zimene zinali zolondola, ndipo panapita miyezi asanabwererenso kukambirana za zosonkhazo. Kuyambira tsiku limenelo, sikirinishoti yopanda nambala ya `responses` pamwamba sindiilandira. Funso lililonse lili ndi nambala yake, ndipo imasinthasintha.

Wina angakuuzeni kuti mukhoza kungopenekera chiwerengerocho kuchokera ku maperesenti. Masamu ake amatheka, koma amanyenga. Maperesenti a anthu 21, 15, 8 ndi 3 mwa 47 ndi omwewonso a anthu 42, 30, 16 ndi 6 mwa 94. Chithunzi chokha sichingakuuzeni kuti zoona ndi ziti. Nanga zoyeza kukula kwa chigawo ndi maso kapena ndi rula, monga anena ena, zisiyeni. Pa anthu 47, munthu mmodzi ndi pafupifupi 2%, kachidutswa koti diso silingakasiyanitse pa foni.

Tsopano pa funso lanu lachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna musamale kwambiri. Mangochi watsogola, koma sanasankhidwe ndi oposa theka. Theka la 47 ndi 23.5, choncho pamafunika anthu 24, pamene Mangochi ali ndi 21. Anthu 26 anasankha kwina. Nkhaniyi tonse timaikumbukira pa zisankho: mu February 2020 khoti linagamula kuti wopambana pa upulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka, osati kungoposa anzake. Kusiyana kwake ndi komweku. Vuto n'lakuti m'Chichewa mawu oti "ambiri" amanyamula matanthauzo onse awiri. Mukalemba kuti "ambiri asankha Mangochi", wowerenga amva ngati gulu lagwirizana, ndipo amene anasankha Mulanje akadzawerenga manambala adzati mwakondera. Lembani motere: "Mwa anthu 47 amene anayankha funsoli, 21 anasankha Mangochi, 15 Mulanje, 8 Salima, ndipo 3 anatchula malo ena. Mangochi watsogola koma sanafike pa theka." Palibe angatsutse chiganizo chimenecho.

N'zoona kuti Mangochi ndi Salima konse n'kunyanja, ndipo 21 kuphatikiza 8 ndi 29, nambala yoposa theka. Mukhoza kutchula zimenezi ngati ndemanga yanu, koma musazilembe ngati zimene anthu ananena. Wosankha Salima mwina amakhala ku Lilongwe ndipo wangoganizira za kufupika kwa ulendo, osati madzi. Ngati komiti ikufuna chigamulo chopanda mkangano, tumizani funso limodzi lokha lachibwereza, Mangochi kapena Mulanje. Pa mayankho awiri okha, wotsogola amakhala wapyola theka, pokhapokha atafanana ndendende. Ndipo muike m'lipotimo kuti gulu lonse lili ndi anthu angati. Ngati mulipo 120, ndiye kuti 73 sanalankhule, ndipo komiti iyenera kudziwa zimenezo.

Ngati mafunso ndi ochuluka, musavutike ndi kakyuleta. Lembani mu Excel kapena Google Sheets:

```
=ROUND(47*44.7%,0)
```

Njirayi ndi yodalirika pa gulu laling'ono ngati lanuli, chifukwa peresenti yake ili ndi nambala imodzi pambuyo pa kadontho. Anthu akaposa 1,000 imayamba kuphonya ndi munthu mmodzi kapena awiri. Wina akakhala kuti anadula kadontho kaja n'kungolemba 45%, imagwira bwino pokhapokha oyankha asapose 100. Mukaonanso tchati cha mizere yogona m'malo mwa chozungulira, limenelo ndi funso lolola munthu kusankha mayankho angapo. Maperesenti ake akhoza kupyola 100 mukawaphatikiza, ndiye kuchotsera kuja sikugwira, koma chabwino n'chakuti chiwerengero cha anthu chimakhala chitalembedwa kale kumapeto kwa mzere uliwonse.

Komabe musanayambe zonsezi, muimbireni foni mwini fomuyo lero. Akatsegula `Responses` pa laputopu n'kuika kalozera pa chigawo, chiwerengero chenicheni chimaonekera, ngakhale cha kachigawo kakang'ono kaja. Kuposa pamenepo, adine `Link to Sheets` kapena `Download responses (.csv)` akutumizireni mayankho onse. Fayilo yake ndi yaing'ono kwambiri, ngakhale bandulo ya tsiku limodzi siingathe. Mukailandira, ngati mayankho a funsolo ali mu kolamu C, lembani izi:

```
=COUNTIF(C:C,"Mangochi")
```

Mumufunsenso ngati anatseka fomuyo. Ngati ikulandirabe mayankho, sikirinishoti imene anajambula Lolemba ndi imene anajambula Lachitatu zikhoza kusiyana, ndipo 47 wanuyo pofika Lachisanu akhoza kukhala 52.