Za kapaipi ka m'mapapo ka ababa

"Achemwali, ababa awauza kuti Lachinayi akawalowetsa kamera m'mapapo, akuti bulonkosikopi. Inu munapangidwapo, zimawawa? Ababa akukana kupita."

Eee ndamva, uwauze ababa kuti si opaleshoni iyi, sang'amba paliponse. Ndi kapaipi kofewa, kunenepa kwake ngati bolopeni, kali ndi kagetsi ndi kamera kunsonga, ine anandilowetsera m'mphuno koma ena amadzera mkamwa. Ine anandiuza kuti ndisadye maola 6, ndiye phala la m'mawa lija ayi, ndipo ngati amamwa mankhwala opangitsa magazi kusaundana ngati wafarini awauze adokotala lero lomwe, asadikire Lachinayi.

Ukafika amakuika kanula padzanja, kachipanira pachala koyezera okosijeni, kenako amakupopera mankhwala achititsa dzanzi kukhosi, eee owawa ngati kwinini, khosi limachita ngati latupa, malovu osamezeka bwino, koma silinatupe ayi, ndi dzanzi chabe. Ndiye amakupatsa ka midazolamu mu kanula muja, sugona tulo teniteni, umangoledzera, ukumva anesi akuyankhula chapatali, ine zambiri sindikuzikumbuka nkomwe. Pamene ndikukumbuka ndi pomwe kapaipi kamadutsa pakholingo, amathiranso mankhwala pamenepo ndiye umatsokomola ngati watsamwa madzi, ndinachita mantha zedi ndati basi ndikubanika, anesi anangondigwira phewa akuti mayi pumani pang'onopang'ono mpweya ukudutsa m'mbali mwa paipi, ndipo zoonadi unkadutsa. Kuwawa ayi, chovuta ndi chifuwa chimenecho.

Adokotala amaonera pa sikirini, ine anandionetsa zithunzi pambuyo, njira ya mpweya yofiirira ya mizeremizere ngati paipi ya gasi, kenako imagawikana pawiri nkumapita nthambinthambi. Amayang'ana makhololo, potupa, chotupa, kapena pomwe pakuchokera magazi. Ine anathira timadzi ta mchere nkutiyamwanso kuti akayeze TB poti makhololo ankakanika kutuluka, ena amawatsinako kanyama, simumva, mkati muja mulibe ululu. Mphindi 20 kapena 30 zatheka, koma zotsatira za kulabu zimatenga masiku.

Akatuluka usawapatse tiyi pompo, wamva? Dzanzi lija lisanathe angatsamwe, dikirani ola limodzi kapena awiri mpaka anesi alole, ndipo njinga ija asakwere tsiku lonse. Khosi kukanda, mawu kusasa, timagazi pang'ono m'makhololo, ngakhale thupi kutentha usiku womwewo, ine zonsezo zinandichitikira mawa lake ndinali bwino. Koma magazi akamatuluka ambiri osasiya, kapena chifuwa chikubaya mbali imodzi akupuma mobanika, nkutheka phapo labooka mpweya ukutayikira m'chifuwa, sizichitika kawirikawiri, makamaka ndi kwa omwe awatsina kanyama mkati mwenimweni, pamenepo musati tione kucha, pezani galimoto usiku womwewo. Chimodzimodzi kutentha thupi kukapitirira masiku awiri.

Aa ndimaiwala, mano awo oikirira aja adzawavulitsa, utenge kakontena.