Ntchito ya anthu awiri, malipiro a munthu mmodzi

"Ndimasunga katundu pa kampani ina ku Graniteside, mu Harare. Mnzanga wotumiza katundu atasiya ntchito chaka chatha, ntchito yake inagwera ine, koma malipiro akadali madola 350. Ndiwayambe bwanji abwana?"

Achimwene, musakalowe muofesi ndi nkhani ya lendi kapena kukwera kwa mtengo wa kombi. Zimenezo aliyense pakampanipo akulira nazo, ndipo abwana angokuuzani kuti zinthu zavuta kulikonse. Nkhani yanu ndi yakuti ntchito inasintha koma giredi sinasinthe.

Tengani kontirakiti yanu muone ntchito zimene zinalembedwamo. Kenako papepala limodzi lembani zimene zinawonjezeka, ndi manambala ake: magalimoto angati mumapakiza pa sabata, mainivoisi angati mumasainira, Loweruka lingati munabwera. Manambalawa achokere m'buku lotulutsira katundu, osati m'mutu, chifukwa abwana akapeza nambala imodzi yokokomeza, pepala lonse lafa.

Mukatero pitani kwa a komiti ya ogwira ntchito, kapena ku NEC ya gawo lanu, bungwe limene olemba ntchito ndi ogwira ntchito amagwirizaniramo malipiro, mukaone mgwirizano wa malipiro. M'menemo muli magiredi ndi malipiro otsikitsitsa a giredi iliyonse. Ngati zimene mukuchita zili m'giredi yapamwamba, pempho lanu likhale lakuti ntchito iunikidwenso. Ngati mgwirizanowo uli ndi alawansi yogwirizira udindo, funsaninso za miyezi yapitayi.

Tinene kuti mnzanuyo ankalandira madola 300. Pa miyezi 12 kampani yasunga madola 3,600. Inu mukapempha kuti 350 ifike 420, ndi madola 840 okha pa chaka. Tchulani nambalayo ndi pakamwa panu, kenako khalani chete. Ambiri amaonongera apa: chete akawakulira amayamba kudzitsitsa okha, "ngakhale pang'ono pokha, bwana", abwana asanayankhe n'komwe.

Pemphani nthawi yokumana, osati kuwagwira pakhonde tsiku la malipiro. Ngati chaka cha kampani chimatha mu Disembala, pitani cha mu Okutobala, bajeti isanatsekedwe.

Akavomera, funsani kuti yowonjezerayo ili m'madola kapena mu ZiG, ndalama ya Zimbabwe. Mu Seputembala 2024 ZiG inagwa kwambiri tsiku limodzi, ndiye funso limeneli musalichitire manyazi. Funsaninso ngati ikulowa m'malipiro enieni kapena ndi alawansi chabe, pakuti alawansi ndi yosavuta kuichotsa, ndipo bonasi kawirikawiri amawerengera pa malipiro enieni. Dziwaninso kuti 70 sifika yonse m'thumba, a msonkho a ZIMRA ndi a penshoni a NSSA adulapo zawo.

Akati ndalama palibe, musaopseze kusiya ntchito mulibe kalata ya kwina m'manja. Gwirizanani tsiku lokambirananso, mwina pakatha miyezi itatu, ndipo pemphani kuti ntchito zowonjezerazo zilembedwe m'kontirakiti. Tsiku lomwelo atumizireni imelo yobwereza zimene mwagwirizana, inu musunge kope yake kunyumba.