Timizere ta pa fomu timawerenga mbale za phala, osati ana

"Ndangoyamba ntchito ku kabungwe komwe kamathandiza sukulu za mkombaphala zisanu ndi zinayi. Mwezi uliwonse alezi amatitumizira mafomu omwe amachongapo ana amene abwera. Abwana akuti ndisankhe maindiketa a lipoti la pamwezi, kapena kuti zizindikiro zoonetsa mmene ntchito ikuyendera, koma pamndandanda womwe ndaupeza alipo 26. Nditenge ati, ndisiye ati?"

Achemwali, kalata yanuyi yandikumbutsa tsiku lomwe ndinafuna kuti nthaka ing'ambike ndilowemo.

Ndili wachatsopano pa ntchito ngati yanuyi, ndinalandira fomu yochokera ku sukulu ina ya mmera mpoyamba yomwe inkakumana m'tchalitchi. Mlezi anali atachonga bwino ndithu, timizere tinayi toimirira, kachisanu kodutsa pakati, tsiku ndi tsiku. Ine ndinatenga kakyuleta, kuwonkhetsa mwezi wonse, n'kupeza 630. Mu lipoti ndinalemba monyadira kuti ana 630 afikiridwa. Palibe anandifunsa kanthu. Patapita miyezi iwiri, mayi wina wa mu bodi anati akufuna akawaone anawo ndi maso ake. Titafika tinapeza ana 43 atakhala pamphasa, aliyense ndi kapu yake ya pulasitiki. Mayiwo anandiyang'ana n'kufunsa mofatsa kuti, "Enawo abwera nthawi yanji?" Mlezi anatulutsa kaundula, munali mayina 60 basi.

Sindinaname mwadala, koma bodza linatuluka. Kamzere kalikonse pa fomu ija kankatanthauza mwana mmodzi pa tsiku limodzi. Mwana amene anabwera masiku khumi anali ndi timizere khumi. Fomu yochonga ilibe mayina, ndiye singakuuzeni kuti anthu osiyanasiyana analipo angati. Imakuuzani kuti anabwera kangati. Mukafuna chiwerengero cha ana, pitani ku kaundula wa mayina. Ndipo mpaka lero ndikaona lipoti la bungwe lililonse lolemba kuti "tafikira anthu" zikwizikwi, ndimayamba ndafunsa kuti nambalayo yachokera pa pepala liti. Ambiri amayankha mozungulira.

Fomu yomweyi ndinadzaiwerenganso ndi maso ena, ndipo inali ndi nkhani yambiri kuposa 630 ija. Mwezi umenewo masiku oyenera kutsegula anali 20, koma masiku ochongedwa anali 14. Ndikagawa 630 ndi 14, ndimapeza kuti pa tsiku pankabwera ana 45. Ana 45 mwa 60 olembedwa ndi 75 peresenti, zomwe sizoipa. Chomwe chinali choipa ndi masiku asanu ndi limodzi osowawo. Nditafunsa, anandiuza kuti awiri kunali maliro m'mudzi, limodzi nkhuni zinatha, atatu ufa unachedwa kufika. Ndiye kuti theka la vutolo linali la ife a ku ofesi, ife amene tinali kalikiliki kuombera m'manja nambala yabodza.

Kenako ufa. Muyezo wathu unali magalamu 50 a ufa wa Likuni Phala pa mwana pa tsiku. Mbale 630 zimafuna makilogalamu 31.5. Buku la sitoko limaonetsa kuti matumba awiri a makilogalamu 25 atha, kutanthauza 50. Makilogalamu 18.5 apita kuti? Mtima wanga unathamangira ku umbava, ndipo ndikuthokoza kuti sindinatsegule pakamwa. Amayi ophika ankayeza ufa wa ana onse 60 m'mawa uliwonse, chifukwa phala amalitereka ana asanathe kufika. Masiku 14 a ana 60 ndi makilogalamu 42. Otsalawo 8 anapita kwa ana a kumbuyo obwera ndi amayi awo, ndi kwa ophikawo. Inu mungaphike phala kuyambira m'mamawa osalawako? Ine sindingamuletse munthu wongodzipereka kumwa kapu imodzi. Koma kusiyana kwa ufa woyenera kutha ndi ufa womwe wathadi ndinayamba kukulemba mwezi uliwonse, chifukwa kukakula mwadzidzidzi ndiye kuti pali chofunika kukachiona.

Apa ndipatuke pang'ono. Pa 26 anuwo sindikukayika kuti pali ena onga "ana amene thanzi lawo lasintha" kapena "makolo amene azindikira ubwino wa maphunziro". Afufuteni, osamva chisoni. Mlezi angachonge bwanji kuzindikira kwa kholo? Za thanzi zili ndi eni ake. Alangizi a zaumoyo amayeza mkono wa mwana ndi katepi kaja, ndipo kuzungulira kwake kukakhala kosakwana masentimita 11.5, tepiyo imaonetsa kofiira, mwanayo atumizidwe kuchipatala msanga. Zimenezo zimafuna munthu wophunzitsidwa ndi fomu yakeyake. Mukakakamiza alezi kudzaza bokosi lomwe alibe njira yolipimira, adzalidzaza ndithu, pakuti safuna kukukhumudwitsani. Adzakhala pakhonde usiku wa tsiku lotumiza mafomu n'kulemba zomwe akuganiza kuti mukufuna. Fomu yotero imadziwika: cholembera chimodzi, dzanja limodzi, pepala loyera lopanda ngakhale dontho la phala, ndipo tsiku lililonse ana 50 ndendende, ngakhale tsiku lomwe mvula inagwa kuyambira m'bandakucha. Fomu yoona imakhala yothimbirira, nambala zake n'zokwera ndi kutsika.

Ndipo musamawadzudzule kwambiri. Bokosi lililonse lomwe muwonjezera muli pa mpando ku ofesi, wina akalidzaza kwinaku akupukuta mamina ana makumi anayi, kawirikawiri popanda malipiro.

Bokosi lopanda kanthu si ziro

Ichi chinandilumanso. Sukulu ikapanda kutumiza fomu, wolowetsa mu kompyuta amalemba 0 kuti tebulo lioneke lodzaza. Mu Excel, `AVERAGE` imadumpha bokosi lopanda kanthu koma imawerengera 0, ndiye avareji yanu imagwa popanda mwana ndi mmodzi yemwe amene wajomba. Ziro alembedwe pokhapokha sukulu inatsegula koma sipanabwere mwana. Ngati fomu sinafike, siyani popanda kanthu, ndipo pamwamba pa lipoti lembani kuti mafomu afika 7 mwa 9. Popanda mzere umenewo, abwana adzaona mbale zatsika n'kuganiza kuti ana athawa, pomwe fomu yangotsakamira kutsidya kwa mtsinje wodzaza.

Tsono yankho lanu. Indiketa iliyonse pa 26 ija muifunse mafunso awiri: ndingaloze bokosi la pa fomu kapena tsamba la kaundula komwe ikuchokera? Nanga ikatsika mwezi uno, ndani achitepo chiyani? Yolephera funso limodzi ichoke. Ndikanakhala inu ndikanatsala ndi zisanu: mafomu omwe afika, masiku omwe sukulu yatsegula mwa masiku oyenera, ana obwera pa tsiku poyerekeza ndi a m'kaundula, mbale za phala zomwe zaperekedwa (muzitchule kuti mbale), ndi kusiyana kwa ufa kuja. Ngati fomu yanu ili ndi mbali ya anyamata ndi ya atsikana, gawani yachitatuyo pawiri. Muzionetsa sukulu iliyonse pa mzere wake, chifukwa mukaphatikiza zonse, yomwe yatsegula masiku asanu imabisala kumbuyo kwa zinzake. Pambali pa nambala za mwezi uno ikani za mwezi watha, ndipo pansi pa fomu ya alezi musiye mizere iwiri yoti alembepo chifukwa chomwe sanatsegulire. Mizere iwiri imeneyo ndi yomwe inatiuza kuti galimoto ya ufa izinyamuka sabata imodzi mwezi usanathe.