Matabwa anayi omwe ndinawononga chifukwa cha ango imodzi

"Ankolo, ndili Fomu 4 kuno ku Lizulu. Funso la piramidi likati ndipeze ango ya pakati pa VA ndi pansi pake ABCD, ine ndimatenga ango ya VAB poti AB ili pansi pomwepo, koma aphunzitsi amati ndalakwa. Nanga AB siili pansi? Ndithandizeni chonde, mayeso ayandikira."

Mwana wanga, imelo yakoyi ndinaiwerenga ndili pa minibasi yochokera ku Ntcheu boma ndipo ndinaseka ndekha mpaka mayi amene ndinakhala nawo pampando anandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda. Sindimaseka iweyo ayi. Ndimaseka ine mwini, chifukwa cholakwa chakocho ine ndinachichita ndili bambo wa ana atatu, osati pa pepala koma pa denga la nyumba yanga, ndipo malikisi omwe ndinaluza anali ndalama zenizeni za kachewere wa chaka chonse.

Nkhani yake inali chonchi. Kanyumba kanga ndi ka mamita 6 m'lifupi, 9 m'litali, ndipo ndinakana denga la mbali ziwiri lija, ndinkafuna lotsetsereka mbali zonse zinayi poti kwathu kuno mphepo ya mu Juni ndi Julaye sichita masewera, imayamba kukoka malata kuchokera m'mphepete. Tinagwirizana ndi akalipentala kuti denga lipendekeke madigiri 30. Ndiye ine ndi ka satifiketi kanga ka MSCE ndinati akuluakulu musavutike, masamu a matabwa ndipanga ndine. Theka la 6 ndi 3, phaso lililonse lochoka pakhoma kukafika pamsana pa denga likhala 3 kugawa ndi cos 30°, zomwe ndi mamita 3.46, ndikuwonjezerapo pang'ono za khonde. Ndinapita kukagula matabwa a paini, ndikuwauza anyamata ocheka aja kuti onse adule mamita 4 kuti akwane bwino pa ngolo. Onse ndithu. Ndinafika nawo pakhomo ndikuyenda ngati injiniya.

Tsiku lokhoma, mapaso a m'mbali anakwana bwinobwino. Titafika pa anayi a m'makona aja, omwe amachoka pa kona ya nyumba kukwera mopingasa kukafika kumapeto kwa msana, thabwa linangolendewera m'malere, kupelewera kuposa theka la mita. Akalipentala, bambo wachikulire woti sukulu anailekera Sitandade 6, sanayankhule kanthu. Anatenga chingwe, kumangirira kanati kachitsulo kumapeto, kukwera pamwamba ndikuchilendeweretsa kuchokera pomwe msana wathera mpaka pa levulo ya pamwamba pa khoma pomwe tinali titayala thabwa. Pomwe kanati kanakhudza anaikapo chizindikiro ndi pensulo ya kukhutu ija, kenako tepi kuchokera pamenepo kukafika pa kona ya nyumba. Mamita 4.24. Anangoti, "Achimwene, phaso lanulo pansi pokha likuyenda folo ndi kakuti, ndiye mukufuna thabwa la folo likwerenso phiri?"

Usiku umenewo ndinakhala ndi kakyuleta ya pafoni, manyazi ali tho. Msana unali pamwamba ndi mamita 1.73, paja ndi 3 kuchulukitsa ndi tan 30°. Phaso la m'mbali limakwera 1.73 ameneyu pa mtunda wa mamita 3 basi, koma la pakona limakwera 1.73 yemweyo pa mtunda wa 4.24 chifukwa likudutsa chopingasa, 3 uku 3 uku. Kutalika kwake kumayenera kukhala 4.58, khonde tisanaliwerengere n'komwe, ndipo kupendekeka kwake si madigiri 30 ayi, ndi pafupifupi 22. Denga limodzi lomwelo, malata akupendekeka 30, phaso la pakona 22. Ine mutu wanga wonse unkati chilichonse chili padengapo ndi 30.

Ndipo apa ndiyankhule mosabisa, ena akwiye akwiye. Mutu uwu wa mizere ndi mapuleni sumayenera kuphunzitsidwa ndi choko chokha. Ife anatiphunzitsa pa bolodi, piramidi yojambulidwa ndi timizere todukizadukiza, ndipo chojambula cha pa bolodi chimanama. Kona ya madigiri 90 imaoneka ngati 60, mzere wautali umaoneka waufupi, mizere yoti sikumana n'komwe imaoneka ngati yadutsana. Mwana akuyang'ana bodza limenelo ndiye mukumuuza kuti aone thirayango ili m'kati, aiona bwanji? Sindikunyoza aphunzitsi, ndikudziwa kalasi ya ana ochuluka momwe imakhalira, ndipo mlamu wanga ndi mphunzitsi, koma mapesi a chimanga ndi aulere. Minga ya mthethe yolumikizira ndi yaulere. Ana omwewa amapanga magalimoto a mawaya okhala ndi siteringi yokhota, ndiye alephere kupanga piramidi? Ine ndimati mwana asaloledwe kugwira kakyuleta pa mutu umenewu asanagwire piramidi m'manja ndikulowetsa chala m'kati mwake. Pamenepo sindisintha maganizo.

Mwina wamvapo aphunzitsi akunena za chithunzithunzi. Amanena zoona, kungoti pali kamsampha. Zika ndodo mopendekeka pabwalo, chithunzithunzi chake chomwe tikufuna pa masamu ndi chija chimabwera dzuwa likakhala pa liwombo penipeni, osati cha m'mawa kapena madzulo chomwe chimathawira kumbali. Ndipo kuno kwathu dzuwa silikhala pa liwombo masana aliwonse monga anthu amaganizira. Dedza ali pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa ikweta, choncho zimachitika kawiri pachaka, chakumayambiriro kwa Novembala ndi chapakati pa Febuluwale. Mu Juni masana dzuwa limakhala litapendekera kumpoto, ukayesa ndodo yako nthawi imeneyo ikupusitsa. N'chifukwa chake ine ndimakonda chingwe cha akalipentala chija, sichiona mwezi, chimangoloza pansi.

Tsono funso lako

AB ili pansi, sunaname. Komanso AD ili pansi, AC ili pansi, ndipo kuchokera pa A ungajambule mizere ina chikwi pansi pomwepo, uliwonse ndi ango yakeyake ndi VA, mzere wochoka pa nsonga V ya piramidi kutsikira pa kona A. Ndiye anthu a masamu anagwirizana kuti pa yonseyo atenge umodzi, womwe uli kunsi kwenikweni kwa VA. Umaupeza pogwetsa chingwe kuchokera pa V, pomwe chagwera ndikupatcha O, kenako kulumikiza O ndi A, paja A ndi pomwe mzere wopendekekawo wakhudza pansi. Ango yofunika ndi VAO.

Tiyese ndi manambala. AB ndi masentimita 8, BC ndi 6, ndipo VA, VB, VC, VD onse ndi 13. Poti anayiwa ndi ofanana, chingwe chigwera pakatikati pomwe madayagonolo AC ndi BD akumana. Jambula pansipo pokha, pambali, ngati ukuyang'ana uli pamwamba, upeza AC ndi lamulo la Paithagorasi. Ukatero ujambulenso thirayango VOA payokha, yoima bwino, 90 yake ili pa O. Usawerengere pa chojambula cha m'funso chija.

```
AC = √(8² + 6²) = 10
AO = 5
cos VAO = 5/13
VAO = 67.4°
```

Ango yako ija ya VAB ikanatuluka bwanji? Thirayango VAB ili ndi mbali ziwiri za 13 ndi tsinde la 8, ukaidula pakati upeza cos yake ndi 4/13, madigiri 72.1. Ukanatenga VAD ukanapeza 76.7. Waona kuti onse aposa 67.4? Sizinangochitika. O ndiye malo apansi omwe ali pafupi kwambiri ndi V, ndiye mzere wodutsa pa O ndi umene wayandikana kwambiri ndi VA, ango yake ndiyo yochepetsetsa pa yonse. Imeneyi ndi njira yodzichongera wekha mu mayeso, ukakayika pakati pa ma ango awiri a mzere umodzi ndi puleni imodzi, yaikuluyo ndi yabodza ndithu, koma yaing'onoyo uyionetsetsebe ngati ili ndi 90 pa malo pomwe chingwe chagwera.

Chenjeranso ndi funso lomwe limabwera pambuyo pake, loti ango ya pakati pa nkhope VBC ndi pansi. Limenelo ndi la malata, osati la phaso la pakona. Pamenepo supita ku kona, umapita pakati pa BC, titi M, ndipo OM ndi theka la AB lomwe ndi 4, msinkhu VO ndi 12 poti 13² kuchotsa 5² ndi 144, tan yake 12/4, madigiri 71.6. Nkhope imakhala yotsetsereka kwambiri kuposa mzere wa pakona, ngati 30 ndi 22 wa denga langa uja.

Koma usaloweze kuti O amakhala pakati nthawi zonse. Funso likanena kuti V ili pamwamba penipeni pa D, chingwe chigwera pa D, ndiye kunsi kwa VA kukhala AD, m'mphepete momwe. Tsiku limenelo kutenga mzere wa m'mphepete ndi kukhoza. Ndipo akakufunsa ango ya mzere ndi nkhope ya m'mbali mwa bokosi osati yapansi, tembenuza bokosilo m'maganizo, kapena tembenuza pepala lenilenilo palibe angakumange, nkhopeyo ikhale pansi, kenako gwetsa chingwe ngati kale. Ukadina cos⁻¹ ya 5/13 ndikuona 1.176 usang'ambe pepala, masamu ako ali bwino, kakyuleta ili pa RAD, ibwezere pa DEG.

Matabwa anayi ofupika aja sindinataye, awiri anapita ku khola la nkhumba, awiri ndi benchi ili pakhonde. Ogula ena anayi aatali ndinali ine ndemwe, ndipo ulendo uno akalipentala anakana kuti ndipite ndekha, anakwera nawo ngolo tepi ili m'thumba.