Kumunda kapena kumanda? Werengani miyendo ya zilembo

"Ndapeza kalata imene agogo analemba ali ku Joni. Ankalemba molumikiza zilembo, moti u, n ndi m zikungooneka ngati mizere ya m'munda. Pali mawu ena sindikudziwa ngati akuti kumunda kapena kumanda. Nditani?"

Achimwene, poyamba lekani kufunafuna pamene chilembo chayambira ndi pamene chathera. Pasukulu anatiphunzitsa kuti n amapindikira pamwamba, u pansi, koma dzanja likamathamanga kupindika konseko kumasongoka, n'kutsala timizere totsika tokhatokha. Timizere timeneti ine ndimati miyendo. Chilembo cha i chili ndi mwendo umodzi, u ndi n iwiriiwiri, m itatu.

Jambulani kalatayo pafoni, mukulitse, muwerenge miyendo kuchokera pa chilembo chachitali kufika pa chinzake. Pa mawu anuwo zazitali ndi k ndi d. Ngati alidi kumunda, pakatipo mupeza miyendo 9.

Tsopano igaweni, ndipo apa Chichewa chimatikomera mtima. Pambuyo pa k, ngati palibe h kapena w, payenera kubwera chilembo chaliwu. Ngati pamwamba palibe kadontho ka i, miyendo iwiri yoyambayo ndi u. Kumapeto, iwiri yoyandikana ndi d ndiyo n, pakuti kawirikawiri nd amayendera limodzi monga mu ndodo. Yatsala isanu, ndipo iyenera kuthera pa chilembo chaliwu: m itatu, u iwiri. Basi, kumunda.

Mukaona b kapena p kutsogolo, yembekezerani m, monga mu mbale ndi mphika. Koma musaumirire kuti pafupi ndi t kapena k pamakhala n nthawi zonse, mtengo ndi mkaka angakutsutseni. Kadontho nakonso n'kosadalirika kwenikweni. Olemba mofulumira amakagwetsera patsogolo, pamwamba pa chilembo china.

Vuto lenileni ndi a. Anthu ambiri samutseka pamwamba, ndiye kumanda naye amatuluka ndi miyendo 9 yomweyo. Kuwerenga kwathera pomwepa. Bwererani pamwamba pa kalata, pa mawu amene simungawaphonye, monga Wokondedwa, muone mmene agogo ankalembera a wawo. Kawirikawiri a, ngakhale ali wotsekuka, mwendo wake woyamba umakhala ndi kamimba kotulukira kumanzere ngati c, pamene wa u umangotsika chowongoka. Pezani a atatu ndi u atatu otsimikizika, muwakopere papepala, muwayerekeze ndi chilembo chokuvutanicho.

Ine ndinapusapo pa kalata ya azakhali anga. Ndinathamangira tanthauzo, n'kuwerengera banja lonse kuti malume anagona kumanda, chonsecho ankalondera chimanga kumunda. Choncho chiganizo chibwere pomaliza, ngati mboni chabe. Mukaona khasu kapena mbewu pafupi, ndi kumunda. Mukaona pepani kapena maliro, kawerengereni akuluakulu a kwanu kaye, mwina akudziwa amene anatisiya chaka chimenecho.