Fowadi ikuthandizani ngati ndalama ndi tsiku zili zotsimikizika

"Ndaitanitsa katundu wa mayuro 200,000, ndidzalipira pakatha masiku 90, koma ndimagulitsa m'madola. Abanki akuti ndisaine mgwirizano wa fowadi. Ndivomere? Nanga zonse zidzandidyera zingati?"

Achimwene, ngati invoisi yatuluka kale ndipo tsiku lolipira ndi lodziwika, ine ndikuti vomerani. Pa fowadi mumagwirizana ndi banki lero mtengo umene mudzagulire mayurowo pa tsikulo, msika ukwere kapena utsike.

Mtengo umenewu abanki saulosera. Amauwerengera kuchokera pa mtengo wa lero ndi kusiyana kwa chiwongoladzanja cha ndalama ziwirizi. Apa F ndi mtengo wa fowadi, S ndi mtengo wa lero, r$ ndi r€ ndi chiwongoladzanja cha dola ndi cha yuro pachaka, ndipo d ndi chiwerengero cha masiku:

```
F = S × (1 + r$ × d/360) / (1 + r€ × d/360)
```

Tiyerekeze kuti lero yuro imodzi ikugulidwa madola 1.1000, chiwongoladzanja cha dola ndi 5% pachaka, cha yuro 3%. Pa masiku 90, pamwamba pakhala 1.0125, pansi 1.0075, ndiye fowadi ituluka pafupifupi 1.1055. Abanki amaikapo phindu lawo, tinene kuti akuuzani 1.1070. Chulukitsani ndi 200,000: mudzalipira madola 221,400. Mukanagula lero mukanapereka 220,000, choncho kutseka mtengo kwakudyerani madola 1,400. Nambala ya 221,400 ndi imene muziwerengera poika mitengo ya katundu wanu. Onetsetsaninso kuti mukuyerekeza ndi mtengo umene banki imagulitsira yuro, osati wapakati umene mumauona pa intaneti.

Yuro ikakwera kufika 1.16, wosatseka adzalipira 232,000, inu mwapulumutsa 10,600. Ikatsika kufika 1.05, iye adzalipira 210,000, koma inu mudzaperekabe 221,400. Zikatero musadandaule kuti munalakwitsa, chifukwa phindu lanu munaliwerengera kale pa mtengo umenewo.

Pamene ndikufuna musamale kwambiri ndi apa. Fowadi ndi lonjezo lomanga, si chinthu choti mukafuna musiye. Ogulitsa katundu akalephera kutumiza oda n'kuthetsedwa, mayuro aja mudzawagulabe pa 1.1070. Mukawabweza ku msika pa 1.05, mwataya madola 11,400 enieni, katundu mulibe. Ndiye tsekani ndalama zokhazo zimene mwatsimikiza kuti mudzalipira. Ngati gawo lina la oda likadali pa zokambirana, lisiyeni kaye.

Za tsiku nazonso. Ngati mumalipira katundu akakwera sitima, ndipo sitima zimachedwa, pemphani fowadi yolola kutenga mayuro tsiku lililonse m'kati mwa nthawi yoikika, monga pakati pa tsiku la 75 ndi la 105. Mtengo wake umakhala woipirako pang'ono. Musanasaine, afunseni kuti kusuntha tsiku amawerengera bwanji, komanso ngati adzafuna chikole yuro ikatsika kwambiri mgwirizano usanathe. Chikole chimenecho chimafunika msanga, nthawi imene ndalama zanu zili m'katundu, ndiye dziwiranitu kuti mudzachitenga kuti.