Funsani Dokotala: Pa mzere wa ana odwala, ndiyambe ndi uti?

*Adokotala, ndikuphunzira unamwino chaka chachiwiri ndipo mayeso ayandikira. Magulu a tirayeji ndinaloweza, ABC ndinalowezanso, koma ndikaima pakhomo la chipinda cha odwala mwadzidzidzi mutu umaima. Ndiyambire pati?*

Yambirani pa mwana amene wangoti zii. Amene akulira mokuwa wakuuzani kale kuti njira yake ya mpweya ndi yotseguka ndipo akupuma. Amene amandisowetsa tulo ndi uja ali phee kumbuyo kwa mayi ake, wofunditsidwa chitenje mpaka kumutu.

Tirayeji ndi kusankha odwala molingana ndi kukula kwa vuto lawo. Ndondomeko yake ya ana yotchedwa ETAT, yomwe inakhwimira ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, imagawa ana patatu. Ofiira amathandizidwa pompo. Achikasu amapititsidwa kutsogolo kwa mzere: khanda losakwana miyezi 2, mwana wotentha thupi kwambiri, wa zikhatho zoyera mbee, wotupa mapazi onse awiri, wopsa ndi moto, womwa poizoni. Obiriwira amadikira nthawi yawo. ABC, kutanthauza njira ya mpweya, kupuma ndi kayendedwe ka magazi, ndiyo sefa yopezera ofiirawo, ndipo siyenera kukutengerani masekondi oposa 20.

Tiyerekeze mwavundukula chitenje chija, mwapeza mwana wa makilogalamu 10. Pa A ndi B mvetserani ndi kuyang'ana: akupuma? Kukhosi kukumveka phokoso? Milomo ndi lilime zachita bii? Chifuwa chikulowa mkati kwambiri? Mukapeza vuto, tsegulani njira ya mpweya, mupatseni okosijeni, itanani anzanu. Musapite pa C musanakonze izi. Pamayeso apa ndi pomwe ambiri amagwera, kuthamangira diripi mwana akubanika.

Wathuyu akupuma bwino, ndiye mugwireni dzanja. Likakhala lofunda, magazi akuyenda. Likazizira, dinikizani chikhadabo, muchisiye, muwerenge. Kufiira kukachedwa kubwerera kupitirira masekondi 3, mtsempha n'kumagunda mofulumira koma mofooka, magazi sakufika mokwanira m'thupi. Koma chonde, musanatsegule diripi onani ngati mwanayo ndi wonyentchera kwambiri, chifukwa madzi othamanga angalemetse mtima wake mpaka kumupha.

C yemweyo amafunsanso za kukomoka ndi kugwedezeka. Mwamuitana, sakuyankha. Mwamutsina, wangosuntha pang'ono. Ameneyu ndi wofiira. Mugonekeni cham'mbali, yezani shuga. Akapezeka pansi pa 2.5 mmol/L, mupatseni gulukosi wa 10 peresenti, mamililita 5 pa kilogalamu iliyonse. Kwa iyeyu ndi mamililita 50 mumtsempha. Choyezera chikasowa, perekani ndithu. D, kwa mwana wotsegula m'mimba, ndi kutha madzi m'thupi: maso olowa, kufooka, khungu lochedwa kubwerera mukalitsina.

Kwa akuluakulu zilembo zimasintha pang'ono: D ndi mmene ubongo ukugwirira ntchito, E ndi kumuvula wodwala kuti muone thupi lonse osamusiya azizidwe.

Mtundu womwe mwapereka si wamuyaya. Wobiriwira wa 8 koloko angathe kufiira pofika 10, choncho uyendereninso mzerewo, ndipo wodwala akasintha yambiraninso pa A.